Chidziwitso cha makasitomala: mmene mungachotsere mawu a mu ofesi n'kulankhula ndi munthu

Chidziwitso chimene chili m'munsichi ndachilemba ndekha kuti chikhale chitsanzo, koma amene anaimapo pamzere n'kumawerenga zomatidwa pagalasi achizindikira msanga:

"Akuluakulu a kampani akufuna kudziwitsa makasitomala ake onse olemekezeka kuti, malinga ndi ndondomeko yopititsa patsogolo kagwiridwe ka ntchito komanso potsatira zofunikira za malamulo, ntchito yowunikanso ndi kutsimikizira uthenga wa eni maakaunti ili mkati. Makasitomala onse okhudzidwa akulangizidwa kupereka zikalata zoyenera ku nthambi iliyonse m'nthawi yoikika. Kulephera kutero kudzachititsa kuti maakaunti aikidwe malire popanda chenjezo lina. Kampani ikupepesa pa zovuta zilizonse zomwe zingakhalepo. Mwa lamulo la akuluakulu."

Mawu onsewa ndi Achichewa, mulibe chipongwe, ndipo muli ngakhale mawu oti olemekezeka. Koma gogo amene amasunga ndalama zake ku kampaniyo akawerenga, satolapo kanthu kupatula mantha. Sakudziwa ngati nkhaniyi ikumukhudza, sakudziwa chikalata choti abweretse, sakudziwa tsiku, ndipo mawu oti malire akumupatsa chithunzi choti ndalama zake zilandidwa. Tiyeni tichikonze chidziwitsochi kuyambira pachiyambi mpaka chitafika poti n'kumata.

Choyamba, siyani cholembera, kafunseni

Ambiri amayamba n'kusintha mawu: achotsa ili, aika ilo. Zimakanika, chifukwa mawu a mu ofesi nthawi zambiri amakhala chivundikiro cha malo amene palibe mfundo. Munthu amalemba kuti "m'nthawi yoikika" chifukwa sanauzidwe tsiku, kapena anauzidwa koma akuopa kulilemba. Amalemba kuti "zikalata zoyenera" chifukwa iye mwini sakudziwa ngati laisensi yoyendetsera galimoto ikuloledwa. Mawu otere simungawamasulire m'chilankhulo chomveka, popeza mulibe chomasulira.

Ndiye tengani chidziwitso chakalecho, mulembe mzere kunsi kwa mawu alionse amene kasitomala angafunsepo kuti "ati?", "liti?", "ndani?" kapena "ndiye kuti chiyani?". M'chitsanzo chathu mizere igwera pa okhudzidwa, zikalata zoyenera, nthawi yoikika, kuikidwa malire, ndi zovuta zilizonse. Mafunso asanuwa mupite nawo kwa amene anagamula nkhaniyi, ndipo musachoke mpaka atayankha ndi manambala ndi maina a zinthu. Safunsa anadya phula, ndipo pano amene angadye phulayo ndi kasitomala.

Tiyerekeze kuti mayankho ake ndi awa. Okhudzidwa ndi amene anatsegula akaunti chisanafike chaka cha 2020, chifukwa makope a ziphaso zawo amene kampani ikusunga anatha ntchito. Chofunika ndi chimodzi chokha: chiphaso cha boma chokhala ndi chithunzi, kapena pasipoti, chenicheni osati kope, chimene masiku ake sanathe. Tsiku lomaliza ndi 30 Juni. Kuyambira pa 1 Julayi, amene sanabwere sadzatha kutapa kapena kutumiza ndalama, koma ndalama zawo zidzakhalabe momwemo ndipo zotumizidwa kwa iwo zizidzalowabe. Akadzabwera mochedwa, akaunti idzatsegulidwa pasanathe masiku awiri a ntchito.

Taonani kuti mfundo yotonthoza kwambiri, yoti ndalama sizikupita kulikonse, inalibemo m'chidziwitso chakale. Mawu oti malire anaimeza.

Pali mafunso enanso amene chidziwitso chakale sichinawaganizire n'komwe, ndipo amene amawadziwa ndi ogwira ntchito pa kauntala, osati a m'maofesi a pamwamba. Afunseni iwowo kuti anthu adzafunsa chiyani. Adzakuuzani mosachedwa: kodi n'zolipira? Zitenga nthawi yaitali bwanji? Nanga mayi anga amene ali chigonere ndiwanyamule? Mayankho ake akhale oti palibe malipiro, ntchitoyo imatenga mphindi pafupifupi 15 mukafika pa kauntala, ndipo odwala kapena okalamba aimbe foni kuti akonzeredwe njira ina. Ngati funso lina lilibe yankho, ndiye kuti kampani sinakonzeke, ndipo ndi bwino kuti zimenezi zidziwike lero kusiyana n'kuti zidzadziwike anthu atadzaza pakhomo.

Chachiwiri, nenani pakamwa musanalembe

Tembenuzani pepala lakale lija kuti musalione. Ganizirani munthu mmodzi, wamkulu kuposa inu, amene waima patsogolo panu n'kufunsa kuti, "Mwanangu, akuti chachitika n'chiyani?" Muyankheni mokweza mawu. Mudzamva pakamwa panu pakutuluka zonga izi: "Amayi, chiphaso chimene munatipatsa potsegula akaunti chinatha ntchito. Mutibweretsere chatsopano pofika pa 30 Juni. Simulipira kanthu."

Lembani zimenezo mmene mwazinenera. Zimenezo ndiye msana wa chidziwitso chanu, ndipo zina zonse zibwera pambuyo pake.

Chachitatu, bwezerani anthu m'ziganizo

Apa ndi pamene pali gwero la kuzizira, choncho tikhalapo pang'ono. Chichewa chili ndi njira yosavuta yobisira wochita chinthu, yomwe ndi kumaliza mneni ndi -idwa kapena -edwa. Akulangizidwa, aikidwe, okhudzidwa. Akulangizidwa ndi yani? Aikidwe ndi yani? Palibe amene akuoneka. Zinthu zikungochitika zokha ngati mvula, ndipo kasitomala alibe woti amuyang'ane kumaso.

Zungulizani mneni aliyense wotere, kenako mudzifunse kuti wochita ndani. M'chidziwitso cha makasitomala ochita ndi awiri okha, ife ndi inu. "Makasitomala akulangizidwa kupereka" ikhale "tikukupemphani kuti mubweretse". "Maakaunti aikidwe malire" ikhale "tidzaimitsa kutapa ndi kutumiza ndalama". Chiganizo chachiwirichi chimawawa pochilemba, chifukwa kampani ikuvomera kuti dzanja lotseka ndi lake. Akuluakulu ena amachikana pa chifukwa chimenechi. Ine ndimati kuwawako n'koyenera. Ngati mwaganiza zoimitsa akaunti ya munthu, muuzeni kuti ndinu amene mudzaimitse. Munthu amapirira nkhani yowawa ikachokera kwa wina amene waima poyera, koma imamupweteka kawiri ikamachokera kumphepo.

Sikuti -idwa aliyense ndi woipa. Tikati "chiphaso chikatayika" kapena "ngati foni yanu yabedwa", wochitayo sadziwika ndipo safunika. Amene tikumusaka ndi -idwa amene akubisa kampani pa chinthu chimene kampaniyo yachita.

Chimodzimodzi mawu oti makasitomala. Chidziwitso chakale chikukamba za makasitomala ngati anthu amene ali kwina, pamene wowerengayo ali pomwepo. Kukamba za munthu iye ali pompo, osamuyang'ana, n'kumunyoza ngakhale mawu ake atakhala abwino chotani. Lembani kuti inu, akaunti yanu, chiphaso chanu. Dzina la kampani lilembedwe kamodzi pamwamba kapena pansi, ndipo m'kati monse mukhale ife.

Kenako pali maina aatali aja opangidwa kuchokera ku aneni: kagwiridwe, kayendetsedwe, kaperekedwe, kutsimikizira kwa, kuwunikanso kwa. Akaunjikana atatu, chiganizo chimaima, sichiyendanso. "Ntchito yowunikanso ndi kutsimikizira uthenga wa eni maakaunti ili mkati" ndi mawu 10 amene akutanthauza kuti "tikuonanso ziphaso zanu". Njira yake ndi kufukula mneni amene wakwiriridwa m'dzinamo n'kumupatsa mwini wake. Nanga "ndondomeko yopititsa patsogolo kagwiridwe ka ntchito"? Mukafukula mupeza kuti mulibe kanthu kokhudza kasitomala. Fufutani zonse. Chifukwa chenicheni n'chachifupi ndipo munthu aliyense angachimve: malamulo amafuna kuti tisunge chiphaso chogwira ntchito cha aliyense amene ali ndi akaunti, ndipo zimenezi zimathandiza kuti wina asatape ndalama m'dzina lanu.

Chachinayi, sankhani mawu obwereka oti akhale

Pochotsa mawu a mu ofesi, ena amapitirira muyeso n'kuyamba kuthamangitsa liwu lililonse lobwereka. Akaunti amaisandutsa "thumba losungiramo chuma", pasipoti n'kukhala "kabuku koyendera maiko". Kasitomala amasokonezeka kuposa kale, chifukwa iye amati akaunti ndi pasipoti tsiku lililonse. Mawuwa ndi ake.

Oti achoke ndi amene amamveka m'misonkhano ya antchito mokha: kuapudeta, kuvelifaya, sisitemu, polise, dipatimenti. Muyeso wake ndi wophweka. Ngati liwulo munalimvapo likutuluka pakamwa pa kasitomala ali pamzere, lisiyeni. Ngati mumalimva kwa anzanu a ntchito okha, nenani chimene likutanthauza. Ndipo mukasankha liwu, mukhale nalo mpaka kumapeto. Mukati chiphaso m'chiganizo choyamba, chikalata m'chachiwiri, chitupa m'chachitatu, munthu adzafika ndi funso loti abweretse zinthu zitatu kapena chimodzi. Kusinthasintha mawu kumakometsa nthano, koma m'chidziwitso kumabala mzere wautali.

Chachisanu, ulemu

Ulemu wa chidziwitso chakale uli m'liwu limodzi, olemekezeka, lomwe lamatidwa pamwamba pa chiopsezo. Owerenga amaona zimenezi. Kutchula munthu kuti wolemekezeka kenako n'kumuuza kuti mudzamutsekera "popanda chenjezo lina" kuli ngati kumugwadira mutabisa chikwapu kumbuyo.

Ulemu umene umagwira ntchito uli m'kapangidwe ka pempho. Onani kusiyana kwa mawu anayi awa: bweretsani, mukuyenera kubweretsa, mubweretse, tikukupemphani kuti mubweretse. Loyamba ndi lamulo, lachiwiri ndi lamulo lovala jekete, lachitatu ndi mmene munthu amauzira mnzake mwaulemu, lachinayi ndi pempho lathunthu. Pempho lalikulu la chidziwitso, limene likudyera munthu nthawi ndi ulendo, lilembedwe mwa njira yachinayi, kamodzi. Malangizo ang'onoang'ono otsatira angakhale m'njira yachitatu: mubwere ndi chenicheni, muimbe nambala iyi. Musaike chonde pa chiganizo chilichonse. Akachuluka amatha mphamvu, ndiponso amachititsa kuti chinthu chokakamiza chioneke ngati chongofuna mwini, zomwe zingapusitse munthu mpaka tsiku litamudutsa.

Nkhani ya zotsatira zake isabisidwe pofuna kuoneka okoma mtima. Ndinaonapo chidziwitso chokonzedwa mofewa kwambiri moti mfundo yoti akaunti idzaimitsidwa inasowa, ndipo anthu anakazidziwira pa makina otapira ndalama. Kumeneko si kukoma mtima. Nenani mosapsatira chimene chidzachitike, koma muchinene ngati uthenga, osati ngati chilango. "Kulephera kutero" kumamuika kale munthu pagulu la olephera asanachite kanthu. "Ngati simudzatha kubwera pofika tsikuli" kumavomereza kuti anthu amadwala, amakhala kutali, amatanganidwa. Ndipo pomwepo, m'ndime yomweyo, muikepo khomo lotulukira: ndalama zili bwinobwino, ndipo mukabwera tidzatsegula.

Kupepesa nako kuli ndi vuto lake. "Zovuta zilizonse zomwe zingakhalepo" ndi kupepesa kwa munthu amene sakuvomera kuti pali vuto. Vuto lilipo ndipo mukulidziwa: munthu asiya ntchito zake, ayenda ulendo, aima pamzere. Litchuleni. "Tikudziwa kuti zimenezi zikudyerani nthawi ndi ulendo, pepani." Mawu oti pepani akhale amodzi, pafupi ndi chinthu chimene mukupepesera. Ngati cholakwa chili cha kampani, mwachitsanzo ngati makope anasowa m'manja mwanu, nenani choncho, musachiveke dzina loti "zovuta zina".

"Mwa lamulo la akuluakulu" ichoke. Pansi pakhale udindo wa munthu amene angayankhe, ndi njira yomupezera.

Chachisanu ndi chimodzi, sanjani monga mmene wowerenga amafunsira

Munthu woima pakhomo amawerenga mutu ndi mizere iwiri yoyamba, kenako amaganiza ngati apitirize. Choncho mutu usakhale "Chidziwitso", chifukwa aliyense akuona kale kuti ndi chidziwitso. Mutu unene choti achite ndi tsiku lake. Pambuyo pake pabwere amene zikumukhudza, kuti ena onse apite ndi mtima m'malo. Chifukwa chake chibwere pambuyo pa pempho, osati patsogolo. Muyezo wa dziko lonse lapansi wa kalembedwe komveka, ISO 24495-1, umene unatuluka mu 2023, umayeza zolembedwa pa zinthu zinayi: wowerenga apeze zimene akufunikira, azipeze mosavuta, azimve, ndipo athe kuzigwiritsa ntchito. Kusanja kumene tikuchita apa n'kwa mfundo yachiwiriyo, yomwe olemba ambiri amaiiwala poganiza kuti zonse zikangokhalamo basi zatha.

Chidziwitso chathu tsopano chikuoneka motere:

"Tibweretsereni chiphaso chanu pofika pa 30 Juni

Ngati munatsegula akaunti yanu chisanafike chaka cha 2020, tikukupemphani kuti mubwere ku nthambi yathu iliyonse ndi chiphaso chanu cha boma kapena pasipoti. Chikhale chenicheni, osati kope, ndipo masiku ake akhale asanathe. Ngati munatsegula mu 2020 kapena pambuyo pake, palibe choti muchite.

Simulipira kanthu. Mukafika pa kauntala, zimatenga mphindi pafupifupi 15.

Tikupempha zimenezi chifukwa kope la chiphaso chanu limene tili nalo linatha ntchito, ndipo malamulo amafuna kuti tisunge logwira ntchito.

Ngati simudzatha kubwera pofika pa 30 Juni, tidzaimitsa kutapa ndi kutumiza ndalama pa akaunti yanu kuyambira pa 1 Julayi. Ndalama zanu zidzakhalabe momwemo, ndipo zimene ena akukutumizirani zizidzalowabe. Mukadzabweretsa chiphaso, tidzatsegula pasanathe masiku awiri a ntchito.

Ngati mukudwala kapena simungathe kuyenda, mutiimbire pa nambala ili pansiyi kuti tikonze njira ina. Ife sitidzakuimbirani n'kukufunsani nambala yanu yachinsinsi.

Tikudziwa kuti zimenezi zikudyerani nthawi ndi ulendo, pepani. Zikomo.

Woyang'anira zothandiza makasitomala"

N'chachitali kuposa chakale pafupifupi kawiri, ndipo zimenezo zisakudetseni nkhawa. Cholinga sichinali kufupikitsa. Chakale chinali chachifupi chifukwa chinasiya mayankho onse kuti akawapereke a pa kauntala, munthu mmodzimmodzi. Mzere wa nambala yachinsinsi ndauonjezera dala, chifukwa akuba amakonda nyengo ngati imeneyi: amaimbira anthu n'kunena kuti akaunti itsekedwa akapanda kutchula nambalayo.

Chachisanu ndi chiwiri, kudutsa kwa a zamalamulo

Chidziwitso chikapita kwa loya wa kampani, kawirikawiri chimabwerako chitavalanso zovala zake zakale. Musakangane naye za kukoma kwa mawu, mudzagonja. Mufunseni pa chiganizo chilichonse chimene wabwezeretsa kuti chikuteteza chiyani. Nthawi zina yankho limakhala lenileni. Angakuuzeni kuti "pasanathe masiku awiri" ndi lonjezo limene kampani singalikwanitse chiphaso chikakhala ndi vuto. Pamenepo iye walondola, ndipo mankhwala ake si kubwerera ku "m'nthawi yoyenera", koma kulemba zoona zake: "chiphaso chikakhala kuti chili bwino, tidzatsegula pasanathe masiku awiri a ntchito". Ngati pali ndime ya lamulo imene iyenera kutchulidwa, ikhale pansi pa chidziwitso m'mzere wakewake, pamene woifuna angaipeze koma siikutsekereza wina aliyense.

Chomaliza, yesani pa anthu enieni

Musachipereke kwa anzanu a mu ofesi, chifukwa iwo nkhaniyi akuidziwa kale ndipo adzawerenga zimene zili m'mutu mwawo. Pezani anthu asanu amene sanaimvepo, pakati pawo pakhale wachikulire ndiponso wina amene amawerenga movutikira, amene mungamuwerengere mokweza kamodzi kokha. Musawafunse kuti "mwamva?" Mwaulemu adzati inde. Tengani pepalalo m'manja mwawo, kenako mufunse kuti: zikukukhudzani? Mubweretsa chiyani? Pofika liti? Mukapanda kubwera, ndalama zanu zitani? Anthu awiri akaphonya funso limodzimodzi, cholakwa chili papepala. Powerenga mokweza mudzamvanso nokha pamene mpweya ukukutherani chiganizo chisanathe, ndipo pamenepo mpofunika kudula pawiri.

Uthenga womwewu ukamapita pa foni, malo amachepa. Uthenga umodzi wa pa foni umatenga zilembo 160, kuwerengera ndi mipata yomwe. Koma mukaikamo chilembo chimene sichili pa mndandanda wa zilembo wamba za mauthengawa, monga ŵ, kapena kachizindikiro kopindika kamene makompyuta ena amaika okha m'mawu ngati m'mawa ndi ng'ombe m'malo mwa kowongoka, malirewo amatsika kufika pa zilembo 70, ndipo uthenga wanu umagawika zidutswa zingapo. Choncho muulembe ndi zilembo wamba, ndipo muutumize kaye ku foni yaing'ono ya mabatani kuti muone mmene ukufikira. Posankha zotsala, pempho ndi tsiku zikhale patsogolo, ndipo mawu otonthoza aja asachoke: "Tikupempha mubweretse chiphaso chanu ku nthambi yathu pofika 30 Juni. Ndi ulere. Mukachedwa tidzaimitsa kutapa, koma ndalama zanu zidzakhalabe zotetezeka."

Chidziwitso chikamatidwa, pemphani a pa kauntala ndi olandira mafoni kuti kwa masiku atatu oyamba azilemba funso lililonse limene anthu akufunsa pa nkhaniyi. Ngati ambiri akubwera ndi makope m'malo mwa chiphaso chenicheni, mawu oti "chenicheni, osati kope" akwere m'mutu kapena alembedwe ndi zilembo zakuda kwambiri. Ngati akubwera anthu amene anatsegula akaunti mu 2022, ndiye kuti chiganizo chowamasula chabisika kumapeto kwa ndime, chipatseni mzere wakewake. Konzani, sindikizaninso, ndipo muchotse mapepala akale pa nthambi zonse tsiku lomwelo kuti pasakhale zidziwitso ziwiri zonena zosiyana.